Kuchotsa maziro pa ndalama: chimasintha n'chiyani, chimatsala momwemo n'chiyani?

Chikondi M.: Akuluakulu, ndithandizeni. Dziko likachotsa maziro atatu pa ndalama yake, munthu amene anali ndi 5,000,000 kubanki n'kudzuka ali ndi 5,000, amenewo si ndalama zake zomwe boma lamulanda? Nanga ngongole yake imatsikanso chimodzimodzi? Ndikufunsa chifukwa ena amati zikatero ndalama imapeza mphamvu, ena amati ndi kuba.

Bambo Nyirenda: A Chikondi, magulu onse awiriwo sakulondola. Tiyeni titenge Zambia, poti kumeneko zinachitika mwadongosolo ndipo masamu ake ndi osavuta. Pa 1 Januwale 2013 anagawa kwacha yawo ndi 1,000. Pepala la K50,000, lomwe linali lalikulu kuposa onse, linasanduka K50. La K1,000 linasanduka ndalama yachitsulo ya K1, la K500 linasanduka 50 ngwee, la K100 linasanduka 10 ngwee, la K50 linasanduka 5 ngwee.

Chofunika kumvetsa n'chakuti chilichonse cholembedwa m'kwacha chinagawidwa ndi nambala imodzi yomweyo, tsiku limodzi lomwelo. Malipiro a K3,000,000 anakhala K3,000. Lendi ya K900,000 inakhala K900. Kale lendiyo inkadya magawo 30 pa 100 alionse a malipiro, ndipo atachotsa maziro inkadyabe magawo 30 omwewo. Ngongole ya K12,000,000 inakhala K12,000, koma kuti muibweze mukufunikabe malipiro a miyezi inayi yathunthu, monga kale. Zili ngati nsalu imene mumati ndi masentimita 300 mwayamba kuitchula kuti mamita 3. Sinafupike.

Achimwene Gift: Koma bambo Nyirenda, pa dola pamasintha ndithu. Ku Ghana atachotsa maziro anayi mu Julayi 2007, sedi imodzi inali yoposa dola imodzi. Imeneyo si mphamvu? Dzulo lake dola inali masedi oposa 9,000, m'mawa mwake ndi yosakwana sedi imodzi.

Mayi Chisale: Nambala mwainena bwino achimwene, koma tanthauzo lake ayi. Yang'anani munthu amene akufuna kugula katundu wa madola 100 kunja. Tinene kuti dola inali pa masedi 9,200. Dzulo amafunika masedi akale 920,000, lero akufunika masedi atsopano 92. Ngati malipiro ake anali masedi akale 1,840,000, lero ndi 184. Katundu uja akumudyerabe theka la malipiro. Palibe dola ngakhale imodzi imene yalowa m'dziko chifukwa cha kusinthako, ndipo ngongole ya boma yomwe inatengedwa m'madola sinatsike ngakhale pang'ono.

Mphamvu ya ndalama siioneka pa kuchepa kwa nambala yosinthira. Dola imodzi imagula mayeni a ku Japan oposa 100, koma palibe amene amathawa yeni chifukwa cha zimenezo. Chimene muyenera kuona n'chakuti nambalayo ikuyenda bwanji chaka ndi chaka. Sedi ija inali yoposa dola mu 2007, pofika 2022 dola inkagulidwa masedi oposa 10. Ku Zambia dola inali cha m'ma K5 atangosintha, koma mu 2015, mtengo wa kopa utagwa ndipo magetsi akuvuta, inadutsa K10.

Chikondi M.: Ndiye si chimodzimodzi ndi kuchepetsa mphamvu ya ndalama kuja timamva pa nkhani?

Bambo Nyirenda: Ayi, ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, ndipo anthu amasokoneza pomwepa. Banki yaikulu ikachepetsa mphamvu ya ndalama, dola imakwera mtengo koma malipiro anu amakhala pomwe anali. Pamenepo mwasaukadi, chifukwa mafuta, mankhwala ndi chilichonse chochokera kunja chikwera. Pochotsa maziro, mtengo wa dola ndi malipiro anu zimagawidwa limodzi, ndiye palibe chakwera kapena kutsika poyerekeza ndi chinzake.

Pokhapokha muchenjere ndi ichi: boma likhoza kuchita ziwirizo sabata imodzi, kapena kubisa china m'kati mwa chinzake. Njira yodziwira ndi yosavuta. Tengani mtengo wa dola wa tsiku lomaliza la ndalama yakale, mugawe ndi nambala imene alengeza. Ngati yankho likufanana ndi mtengo wa tsiku loyamba la ndalama yatsopano, angochotsa maziro basi. Ngati mtengo watsopano uli pamwamba, achepetsanso mphamvu.

Nabanda: Ine ndikugwirizana ndi a Chikondi pang'ono pa nkhani ya kulanda ija. Zimachitika. Ku North Korea mu Novembala 2009 anachotsa maziro awiri, koma anaika malire a ndalama zomwe banja lingasinthe, n'kupereka masiku ochepa chabe. Amene anasunga zambiri m'nyumba, zotsalazo zinangosanduka mapepala.

Mayi Chisale: Zoona Nabanda, ndipo chitsanzo chimenecho chikutiuza poyang'ana. Chimene chinalanda anthu kumeneko si kugawa ndi 100, koma malire ndi kufupika kwa nthawi. Chilengezo chikatuluka, funsani mafunso atatu. Kodi pali malire a ndalama zosintha? Kodi nambala yogawira ndi imodzi kwa aliyense, ndi pa ndalama za m'manja ndi za kubanki zomwe? Kodi nthawi yosinthira ndi yaitali bwanji, ndipo malo osinthira ali kuti?

Ku Zambia ndalama zakale ndi zatsopano zinayendera limodzi miyezi 6, mpaka pa 30 Juni 2013, ndipo pambuyo pake munthu ankathabe kukasintha zakale kubanki osalipira kanthu. Ku Zimbabwe mu Ogasiti 2006 anapereka masabata atatu okha. Amene amapwetekeka pa nthawi yaifupi ngati imeneyo si wokhala ndi akaunti, poti zake zimasinthidwa pa kompyuta iye ali mtulo. Ndi munthu wakutali ndi banki amene ndalama zake zonse ndi za m'manja. Ulendo wokasintha ukhoza kumudyera gawo lalikulu la ndalamazo, ndipo pamatulukira anthu omusinthira pomudula, mwina kumupatsa 45 m'malo mwa 50.

Achimwene Gift: Chabwino, pa dola ndamva. Koma kukwera mitengo kwa zinthu kumachepa ndithu. Turkey inachotsa maziro 6 mu 2005 ndipo mitengo inakhazikika zaka zingapo.

Bambo Nyirenda: Onani chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Mu 2001 mitengo ku Turkey inkakwera ndi maperesenti oposa 50 pa chaka. Anayamba akonza za ndalama za boma ndi mabanki, napatsa banki yaikulu ufulu wokana kukongoza boma, mpaka mu 2004 kukwerako kunatsika kusakwana maperesenti 10. Maziro anachotsedwa pa 1 Januwale 2005, ntchito yovuta itachitika kale. Ankangochotsa zotsalira za matenda amene anali atachepa.

Zimbabwe inachita mosemphana. Inachotsa maziro 3 mu Ogasiti 2006, maziro 10 mu Ogasiti 2008, ndi maziro 12 mu Febuluwale 2009, onse pamodzi 25. Pakati pa ulendo wachiwiri ndi wachitatu panangodutsa miyezi 6, ndipo m'miyezi imeneyo anafika posindikiza pepala la 100 thiriliyoni. Chifukwa chake n'chodziwika: banki yaikulu inkapitiriza kupanga ndalama zolipirira zimene boma linalibe nazo ndalama, katundu m'dziko akuchepa. Maziro amabwera chifukwa cha kukwera mitengo, ndiye ngati choyambitsacho sichinaime amabwereranso. Venezuela nayo yachotsa katatu, mu 2008, 2018 ndi 2021.

Ngakhale kumene zinthu sizinafike poipa chonchi, masamu ake ndi omwewo. Mitengo ikamakwera ndi maperesenti 26 pa chaka, m'zaka 10 imachuluka pafupifupi ka 10, kutanthauza kuti ziro imodzi yabwerera. Pa maperesenti 8 ziro imodzi imatenga zaka pafupifupi 30.

Tadala wa maakaunti: Ndiloleni ndilowetse mbali ya mabuku a ndalama, chifukwa zolakwika zambiri zimachitikira kumeneko osati pa mapepala a ndalama. Kugawa kwenikweni ndi kophweka:

```
chatsopano = ROUND(chakale / 1000, 2)
```

Vuto ndi kudziwa zoyenera kugawa ndi zosayenera. Zogawa ndi chilichonse cholembedwa m'ndalama ya dzikolo: zotsala m'maakaunti, mitengo, malipiro, ngongole, komanso malire, monga ndalama zambiri zomwe munthu angatape pa tsiku ndi pamene msonkho wa malipiro umayambira. Zosagawa ndi maperesenti, kuchuluka kwa katundu, chiwerengero cha masheya, ndi maakaunti a ndalama zakunja.

Tengani ngongole ija ya K12,000,000 pa chiwongola dzanja cha maperesenti 24 pa chaka. Pa mwezi chiwongola dzanja ndi K240,000. Mukasintha bwino, ngongole ndi K12,000, peresenti ikhalabe 24, pa mwezi K240. Wina akagawanso peresentiyo, wokongola azilipira 24 ngwee pa mwezi, ndipo sadzabwera kudzadandaula, ndiye cholakwikacho chikhoza kukhala miyezi osaoneka. Kumbali ina, mukagawa malipiro n'kuiwala malire a msonkho, aliyense aoneka ngati sakufika poyambira msonkho, mwezi umenewo palibe wodulidwa.

Cholakwika chinanso ndi kugawa kawiri. Makina a malipiro atumiza mndandanda wogawa kale kubanki, makina a kubanki akuganiza kuti ndi ndalama zakale n'kugawanso, wantchito wa K3,000 alandira K3. N'chifukwa chake zilembo zoimira ndalama zimasintha. Kwacha yakale ya Zambia inali `ZMK`, yatsopano ndi `ZMW`. Mozambiki itachotsa maziro atatu mu 2006 inachoka pa `MZM` kupita pa `MZN`. Nambala iliyonse yodutsa pakati pa makina awiri iziyenda ndi zilembo zake, ndipo makina olandira azikana imene ilibe.

Chikondi M.: Nanga pangano la lendi kapena la ngongole lomwe tinasainirana m'ndalama zakale, tilembenso lina? Langa lili ndi zaka zitatu kutsogolo.

Mayi Chisale: Simufunika kulemba lina. Dziko likamachita zimenezi limakhazikitsa lamulo lonena kuti ndalama iliyonse yotchulidwa m'pangano, m'chigamulo cha khoti kapena m'malamulo ena iwerengedwe m'ndalama yatsopano pa nambala yogawira ija. Palibe mbali imene ingathetse pangano kapena kukweza mtengo ponamizira kusinthako. Komabe ndi nzeru kulemberana kakalata kotsimikizira nambala yatsopano, makamaka pa ngongole za pakati pa anthu wamba zomwe papepala panangolembedwa nambala popanda tsiku. Patapita zaka, "5,000" yopanda tsiku imabutsa mkangano woti ndi yakale kapena yatsopano.

Macheke ndiwo amafuna kusamala. Cheke cholembedwa ndalama yakale isanathe koma chokatapidwa itasintha chimatsata malangizo amene banki yaikulu yatulutsa, ndipo tsiku lolembedwa pa chekepo ndi limene wa kubanki amayang'ana. Amene anapereka macheke a masiku a m'tsogolo ndi bwino awatenge n'kulemba atsopano.

Nabanda: Inu nonse mukuti palibe chosintha, koma ogula amadandaula kuti zinthu zimakwera. Akunama?

Bambo Nyirenda: Sakunama, ndipo apa ndi pamene pali kusintha kwenikweni, ngakhale n'kochepa. Nkhani yake ndi kandalama kakang'ono kwambiri komwe kalipo. Ku Zambia kanali ka 5 ngwee, kofanana ndi K50 yakale. Chinthu cha K1,230 yakale chikhala K1.23, mtengo umene simungaulipire ndendende ndi ndalama za m'manja. Wogulitsa akaukweza kufika K1.25, wakweza ndi maperesenti osakwana 2. Njira yoyenera ndi kusiya K1.23 pa chinthucho n'kuzunguliza pa zonse zimene munthu wagula. Zinthu 10 ndi K12.30, yomwe imalipirika bwinobwino, pomwe kuzunguliza chimodzichimodzi kukupatsani K12.50.

Pa zinthu zotchipa ndi pamene zimapweteka. Chinthu cha K350 yakale chiyenera kukhala 35 ngwee. Ngati tindalama ta 5 ndi 10 ngwee sitinafike kokwanira m'dera limenelo, chenje chimasowa, wogulitsa amangoti 50 ngwee. Kumeneko n'kukweza ndi maperesenti oposa 40. Pa chiwerengero cha dziko lonse siziwoneka kwambiri, chifukwa lendi ndi zinthu zodula sizinasunthe, koma munthu wogula tinthu ting'onoting'ono tsiku ndi tsiku amazimva. Mankhwala ake ndi awiri: ndalama zachitsulo zifike paliponse tsiku loyamba lisanakwane, ndipo mitengo ilembedwe pawiri, wakale ndi watsopano, kuyambira kusintha kusanachitike. Ku Zambia mtengo watsopano ankaulemba ndi zilembo `KR` kuti usiyane ndi wakale.

Tadala wa maakaunti: Kuwonjezera pa za bambo Nyirenda, mitengo ya pa yuniti musamaidule pa manambala awiri a pambuyo pa kadontho. Tinene kuti yuniti ya magetsi inali K152.50 yakale. Yatsopano ndi K0.1525. Mukaidula kukhala K0.15, pa mayuniti 1,000 mulipiritsa K150 m'malo mwa K152.50. Sungani manambala anayi kapena asanu pa mtengo wa yuniti, muzungulize pa bilu yomaliza.

M'maakaunti namonso, K1,234,567.89 yakale ndi K1,234.56789, yomwe ikhala K1,234.57. Akaunti iliyonse itsala ndi kachidutswa kosakwana theka la ngwee, kwina kowonjezera kwina kochotsa. Mukaphatikiza maakaunti onse osinthidwa, sizifanana ndendende ndi chiwonkhetso chakale chogawidwa ndi 1,000. Kusiyanako kumaikidwa mu akaunti yapadera, ndipo kuli ndi malire ake: sikungapose theka la ngwee kuchulukitsa ndi chiwerengero cha maakaunti. Pa maakaunti 10,000 ndi K50. Mukapeza kusiyana kwa K4,000, kumeneko si kuzunguliza, pali akaunti imene yadumphidwa kapena yagawidwa kawiri. Ndipo musaiwale manambala a zaka zam'mbuyo. Lipoti loyerekeza chaka chino ndi chatha lionetsa ngati malonda agwa ndi maperesenti 99.9 ngati a chaka chatha sanasinthidwe.

Achimwene Gift: Ngati sizilemeretsa munthu, sizitsitsa mitengo, ndipo zili ndi zovuta zonsezi, amachitiranji? Osangosindikiza pepala lalikulu bwanji?

Mayi Chisale: Funso limeneli ndi labwino, ndipo ine ndimaona kuti nthawi zambiri pepala lalikulu limakwana. Ngati vuto ndi kunyamula mitolo ya ndalama ndi makina otapira ndalama kutha msanga, pepala lalikulu limathetsa pa mtengo wochepa. Kuchotsa maziro kumafuna kusindikiza mapepala onse atsopano, kusula ndalama zachitsulo, kuzitumiza m'dziko lonse, kutolera zakale n'kuziwononga, kukonza makina otapira ndi owerengera ndalama, kusintha mapulogalamu a mabanki ndi makampani, ndi kuphunzitsa anthu. Gawo lalikulu la ndalama zimenezi amalipira ndi mabanki ndi amalonda, osati boma lokha. Ku Nigeria banki yaikulu inalengeza mu 2007 kuti ichotsa maziro awiri pa naira, boma linaimitsa, ndipo mpaka lero sizinachitike.

Bambo Nyirenda: Pamenepo mayi Chisale tisiyana pang'ono. Pali zinthu zomwe pepala lalikulu silikonza. Manambala akatalika kwambiri sakwananso m'malo olembamo pa cheke, pa risiti, pa makina opopera mafuta ndi m'mapulogalamu akale a maakaunti. Zolakwika zowerenga maziro zimachuluka. Chachiwiri ndi ndalama zachitsulo. Pepala laling'ono limene limadutsa m'manja ambiri limang'ambika msanga ndipo limafuna kusindikizidwa kawirikawiri, pomwe chitsulo chimakhala zaka zambiri. Ku Zambia ndalama zachitsulo zinali zitasiya kugwira ntchito, kusinthaku ndi kumene kunazibweza. Anawonjezeranso pepala la K100, lofanana ndi K100,000 yakale yomwe kunalibe, kutanthauza kuti anachita zonse ziwiri nthawi imodzi.

Mayi Chisale: Za manambala osakwana m'makina ndikuvomera pa maziro 6 ngati a Turkey, kumene chinthu wamba chinkagulidwa ndi mamiliyoni. Pa maziro atatu sindikhutira. Ndipo zachitsulozo zimapindula pokhapokha mitengo ikakhazikika. Ikapitiriza kukwera, m'zaka zochepa tindalama tating'onoto anthu amayamba kutikana, ndiye ndalama zonse zosulira zapita pachabe. Ghana inatulutsa mapepala a masedi 100 ndi 200 mu 2019, patangopita zaka 12.

Nabanda: Nanga zoti anthu amayamba kukhulupirira ndalama yawo akaiona ili ndi manambala ochepa? Amanena zimenezo kwambiri polengeza.

Bambo Nyirenda: Ndi yovuta kuyeza imeneyo, chifukwa kumene zinayenda bwino kunachitikanso zinthu zina nthawi yomweyo. Brazil mu 1994 ndi chitsanzo choyenera kuchidziwa. Inali itasinthapo ndalama kangapo m'zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, mitengo n'kumangokwerabe. Ulendo uwu anayamba ndi muyezo wowerengera wotchedwa `URV`, womwe unkayenda pafupi ndi dola. Kwa miyezi inayi mitengo ndi malipiro zinkalembedwa m'muyezo umenewo, kulipira kukuchitika m'ndalama yakale pa mtengo wolengezedwa tsiku lililonse. Anthu atazolowera kuona mitengo yosasuntha, pa 1 Julayi 1994 muyezo uja unasanduka ndalama yeniyeni, imodzi kusinthidwa ndi zakale 2,750. Onani kuti nambalayo si 1,000 kapena 10,000. Cholinga sichinali kuchotsa maziro, chinali kuthetsa chizolowezi chokweza mitengo mwezi uliwonse potengera mwezi wapitawo, ndipo pambali pake panali chiwongola dzanja chokwera ndi kumanga lamba pa ndalama za boma. Russia inachotsa maziro atatu mu Januwale 1998, mu Ogasiti chaka chomwecho ndalamayo inagwa boma litalephera kubweza ngongole zake. Mapepala atsopano sanagwire chikhulupiriro cha munthu aliyense.

Chikondi M.: Zikomo, ndamva. Komaliza: m'miyezi imene ndalama ziwirizo zikuyendera limodzi, munthu akalipira ndi zakale, chenje amapatsidwa cha mtundu uti?

Tadala wa maakaunti: Chilichonse mwa ziwirizo n'chololedwa pa nthawi imeneyo, koma masitolo amalimbikitsidwa kupereka chenje m'zatsopano n'kukasiya zakale kubanki, chifukwa ndi njira imene zakale zimachokera m'manja mwa anthu. Wogulitsa asinthe zonse kukhala ndalama imodzi asanachotsere. Katundu wa K37.50, wogula wapereka pepala lakale la K20,000 ndi latsopano la K20. Lakalelo ndi K20, zonse ndi K40, chenje K2.50. Pa kauntala pakhale malo awiri osungira, zakale kwina zatsopano kwina, ndipo potseka madzulo ziwerengedwe padera musanaziphatikize. Muchenjerenso ndi pepala lakale lomwe nambala yake ikufanana ndi latsopano. Ku Zambia kunali K50 ndi K100 zakale, komanso K50 ndi K100 zatsopano, zosiyana mtengo ka 1,000. Amene sanaonepo zatsopanozo ndi amene akuba amamufuna sabata zoyambirira, pamodzi ndi ndalama zachinyengo, choncho ogwira ndalama aonetsedwe mapepala enieni tsiku lisanafike, osati zithunzi zokha.